"Sola ija yavuta, mubwere": mufunse mafunso angati pa uthenga umodzi?

Uthenga wonse umakhala womwewu: "Sola ija yavuta, mubwere." Chithunzi palibe, chomwe chavuta sichikutchulidwa, nthawi zina ngakhale dzina la mwiniwake palibe, nambala yokha basi. Ine ndimaika ndi kukonza magetsi a dzuwa muno mu Zomba, ndipo sabata siitha osalandira uthenga wotere. Wina umachokera ku Jali, wina ku Songani kapena ku Thondwe, wina ku Chingale kuseri kwa phiri, komwe ukapita tsiku limathera panjira.

Kungoliza njinga yamoto n'kunyamuka sikutheka. Mawu akuti "yavuta" angatanthauze fyuzi yopsa, yomwe imalowa m'thumba la malaya, angatanthauzenso batire yakufa, yomwe sunganyamule mongoyerekeza chifukwa ndi yolemera komanso yodula. Akulu anati safunsa anadya phula, choncho kufunsa n'koyenera. Pomwe ambiri timapunthwa ndi pa kuchuluka kwa mafunso. Ukafunsa ambiri nthawi imodzi, munthu amangoti zii. Ukamafunsa limodzilimodzi, masiku amapita vuto lisanadziwike.

Chimene ndinakhazikikapo ndi ichi. Pa uthenga woyamba, funso limodzi lokha, ndipo ngati munthuyo ali ndi foni ya WhatsApp, pempho limodzi la chithunzi. Pa uthenga wachiwiri, akayankha, mafunso osaposa atatu. Ngati zikufunikabe zina kupitirira pamenepo, siyani kulemba, imbani.

Chifukwa chake mndandanda wautali umapha nkhani

Nditangoyamba ntchitoyi ndinali ndi mafunso 7 osungiratu m'foni, olembedwa ndi manambala. Yasiya liti? Batire munagula liti? Mwalumikizako chiyani? Alipo anagwirako mawaya? Kontirola ikuonetsa nambala yanji? Ndi ena otero. Kontirola ndi kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire, koyang'anira moto wolowa ndi wotuluka. Lililonse linali lofunika, ndipo ndinkaona ngati ndikupulumutsa nthawi ya tonse. Ndinatumiza mndandandawu kwa bambo ena achikulire a ku Malosa, mphunzitsi wopuma pa ntchito. Timizere tiwiri tabuluu tinaoneka, yankho ayi. Patapita milungu ndinakumana nawo mumsika wa Zomba, ndipo anandiuza mosabisa kuti anaitana wina. Mawu awo ndimawakumbukirabe: "Mwana wanga, ndinabwera kudzadandaula, koma iwe unandikhazika pabwalo la milandu."

Anali ndi mfundo. Munthu amene akulemba uthenga wosamveka nthawi zambiri sachita dala. Walemba mwachidule chifukwa sadziwa mayina a zipangizozo, kapena ali ndi nkhawa kuti mwina waononga yekha, kapena bandulo yatsala pang'ono. Ukamupatsa mafunso 7, atatu mwa iwo sangathe kuyankha n'komwe. Amachita manyazi kunena kuti sadziwa kontirola ndi iti, ndiye m'malo moyankha anayi omwe akuwadziwa, amasiya onse.

Palinso china chomwe ndachiona kambirimbiri. Amene alimba mtima n'kuyankha mndandanda wautali amayankha funso limodzi, kawirikawiri lomaliza kapena losavuta, ndipo yankho lake ndi "eya". Iwe umatsala ukudabwa kuti eya ameneyu ndi wa funso liti.

Koma limodzilimodzi nalonso si njira

Ena akamva zimenezi amathawira mbali inayo. Funso, yankho, funso lina, yankho, mpaka kakhumi. M'tauni, munthu ali pafoni nthawi yomweyo, zikhoza kuyenda. Koma kasitomala wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, angathe kuona uthenga wanu madzulo pobwera kunyanja, n'kuyankha mawa lake. Funso lililonse limadya tsiku. Ndipo kumbukirani kuti foni yakeyo amatchajira pa sola yomwe yavutayo.

Pa ntchito yathu kuchedwa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Batire ya asidi ikakhala masiku ambiri ilibe moto imaonongeka mkati, ndipo siibwereranso mwakale ngakhale dzuwa litawala bwanji. Vuto lomwe Lolemba linali la waya womasuka, likakhalitsa lingathe kusanduka logula batire ina.

Komanso mafunso obwera motsatizana, lina likangoyankhidwa lina latulukira, ndi amene amafanana kwambiri ndi kupereka sitetimenti. Munthu sadziwa kuti atha liti, ndipo sakuona komwe akulowera. Pofika funso lachisanu amayamba kuganiza kuti mukufunafuna pomugwirira kuti mumukanire kukonza ulere.

Funso loyamba lisankhidwe bwanji

Pano ndiye pagona nkhani yonse. Ngati funso ndi limodzi, liyenera kukhala lomwe yankho lake lingasinthe zomwe muike m'chikwama, kapena kukuuzani ngati ulendo ukufunika n'komwe. Ndisanatumize ndimadzifunsa kuti, akayankha mwakuti ndichita chiyani, akayankha mwina ndichita chiyani? Ngati chochita n'chimodzimodzi mbali zonse, funsolo lidikire. "Batire munagula liti?" ndi funso labwino, koma kaya ayankhe kuti chaka chatha kaya zaka zitatu zapitazo, sindinadziwebe ngati vuto lili pa batire.

Pa sola ya pakhomo, mawu akuti "yavuta" amagawika panjira zitatu. Yoyamba, palibe chikuyaka ngakhale masana dzuwa lili phwee. Apa timaganizira fyuzi, waya woduka kapena womasuka, kapena kontirola yopsa. Yachiwiri, zimayaka bwinobwino koma zimazima msanga usiku. Apa nkhani ndi batire yotopa, moto wochepa wochokera pa panelo, kapena katundu wochuluka. Yachitatu, mababu akuyaka koma inveta, kabokosi kosintha moto wa batire kuti uyatse zinthu ngati tivi, imalira n'kuzima akalumikiza chinthu china. Njira iliyonse ili ndi zida zake, ndipo yachiwiri ndi yachitatu nthawi zambiri zimatheka pafoni pomwepo.

Ndiye funso langa silikhala lakuti "chavuta n'chiyani?" Limenelo ndi kumubwezera munthu katundu yemwe walephera kale kusenza. Akanadziwa chavuta akanalemba. Ndimamuyalira njira zitatuzo m'mawu a zomwe maso ake akuona, iye n'kungoloza imodzi.

Wina anganene kuti pamenepa ndabisa mafunso atatu m'funso limodzi. Ayi. Muziwerenga ntchito yomwe woyankhayo agwire, osati zizindikiro za funso zomwe mwalemba. Kusankha pakati pa zinthu zitatu zomwe waziona ndi maso ndi ntchito imodzi, yotheka atakhala pamkeka. Funso limodzi loti "batire yanu ndi ya maampu angati?" limafuna kuti adzuke, apeze tochi, asunthe batire pakona, awerenge timalemba tating'ono ta Chingerezi. Limenelo ndi lolemera kuposa atatu opepuka. N'chifukwa chake chithunzi ndimachikonda. Kujambula kontirola ndi ntchito imodzi, koma ine ndimaonapo nambala ya moto, mtundu wa kontirolayo, timagetsi tomwe tikuyaka, ngakhale waya wakuda ndi utsi ngati ulipo.

Nkhani ya mayi a ku Jali

Unali mwezi wa Julayi, chiperoni chitagwira masiku angapo, phiri la Zomba osaoneka n'komwe chifukwa cha nkhungu. Mayi ena omwe ndinawaikira sola chaka chapitacho analemba kuti, "Achimwene sola yanu ija ndiye ayi." Ndinaona mawu akuti "yanu". Munthu akati sola "yanu" pomwe anagula ndi ndalama zake, dziwani kuti mumtima wayamba kale kukuimbani mlandu, ndipo funso lililonse lokhudza zomwe iye wachita alimva ngati kudziteteza kwanu.

Ndinayankha motere: "Mayi, mwaswera bwanji? Pepani kuti mwagona mumdima. Kuti ndidziwe zonyamula, tandiuzani chimodzi chokha: kodi sizikuyaka n'komwe ngakhale masana, kapena zikuyaka koma zikuzima msanga usiku, kapena ndi kabokosi kolira kaja kakuzima? Mukapeza mpata mundijambulireko kabokosi koonetsa manambala kali pakhoma kaja."

Onani kuti sindinatchule kontirola kapena inveta. Iwo amazidziwa ngati kabokosi ka manambala ndi kabokosi kolira, ndiye ndi mayina omwewo ndinagwiritsa ntchito. Onaninso mawu akuti "kuti ndidziwe zonyamula". Ndi ochepa, koma amamuuza munthu kuti mwavomera kale kuthandiza, ndipo funsolo ndi chiyambi cha thandizolo.

Patapita ola anatumiza uthenga wa mawu. Magetsi amayaka, koma ikamakwana 8 koloko usiku zonse thii, pomwe kale ankafika nawo m'mawa. Chithunzi chinajambulidwa cha m'ma 3 koloko masana ndipo chinkaonetsa `11.9V`. Batire ya mavolti 12 ikakhala yodzaza, itapuma, imaonetsa cha m'ma 12.6 kapena 12.7, ndipo ikamatchajidwa masana imakwera kupitirira 13. Kuona 11.9 nthawi imeneyo kunatanthauza kuti tsiku lonse batire sinakhute. Makontirola ambiri ang'onoang'ono amadula okha magetsi moto ukatsika kufika cha m'ma 11, pofuna kuteteza batire. Kuzima kwa 8 koloko kuja kunali kontirola ikugwira ntchito yake.

Tsopano njira ziwiri zija zinatsekeka, yatsala imodzi, ndipo mkati mwake munali zinthu zitatu: moto wolowa wachepa, wotuluka wachuluka, kapena batire yatopa. Apa mpamene mafunso atatu amaloledwa, chifukwa munthu wayankha kale kamodzi, waona kuti mukumvetsera, ndipo mungathe kumuuza kaye zomwe mwapeza musanapemphe zina. Ndinalemba kuti, "Zikomo mayi, chithunzi chathandiza kwambiri. Zipangizo sizinapse ayi, koma batire siikukhuta. Zatsala zitatu basi kuti ndidziwe chifukwa chake." Kenako ndinayala mafunsowo, lililonse pamzere wake. Zinayamba chiperoni chitabwera kapena chisanabwere? Pamwamba pa panelo pali fumbi, masamba kapena mthunzi wa mtengo? Usiku sola ikumayatsa zinthu ziti masiku ano?

Funso lachitatulo ndinalilemba kawiri ndisanatumize. Poyamba linali lakuti, "Mwaonjezerako chiyani?" Limenelo likuloza chala. Munthu woopa kuuzidwa kuti waononga yekha amayankha msanga kuti "palibe", ndipo akatero zimamuvuta kubweza mawu ake. Koma kufunsa zomwe sola ikuyatsa ndi kufunsa za sola, osati za iye. Anayankha momasuka: mababu anayi aja, mafoni a anthu oyandikana nawo, ndi tivi ndi dikoda zomwe mwana wawo anabweretsa kuchokera ku Blantyre mu Juni. Ana amaonera kuyambira masana.

Masamu ake ndi achidule. Panelo yawo ndi ya mawati 100, ndipo tsiku la dzuwa labwino ingathire m'batire moto wokwana pafupifupi 400, tikawerenga mawati kuchulukitsa ndi maola. Mababu anayi a mawati 5 kwa maola 5 amadya 100, mafoni amadya ena pafupifupi 100. Mpaka apa ndowa imadzaza tsiku lililonse n'kutsalako. Tivi ndi dikoda, pafupifupi mawati 50 zonse pamodzi, kwa maola 6 zimadya 300. Zonse zikakumana ndi 500, pomwe wolowa ndi 400 tsiku lowala, ndipo tsiku la chiperoni sufika ngakhale theka lake. Batire inkatsika pang'onopang'ono chiyambire Juni, chiperoni chinangomalizitsa.

Ndinawaimbira kuti tigwirizane. Tivi ipume masiku atatu kapena anayi a dzuwa kuti batire ikhute, apukute panelo ndi kansalu konyowa m'mawa isanatenthe, kenako andijambulirenso nambala ija madzulo dzuwa litalowa. Inabwera `12.6V`. Batire inali isanafe. Ulendo wa ku Jali ndinapita mwezi wotsatira, kukaika panelo yachiwiri yomwe mwana wawo uja anagula. Mauthenga onse a mafunso anali awiri okha.

Mawu omwe amasandutsa funso kukhala mlandu

Kuchuluka kwa mafunso ndi mbali imodzi chabe. Funso limodzi lokha likhoza kumveka ngati la wapolisi. Awiri omwe ndimawapewa pa uthenga wolemba ndi "ndani" ndi "chifukwa chiyani". "Anagwira mawaya ndani?" amamveka ngati mukufuna dzina la wolakwa, ndipo mayi sangapereke mwana wake kapena mlamu wake kwa mlendo. "Chifukwa chiyani simunanene msanga?" alibe phindu lililonse pa kukonza, amangowawitsa mtima. Ngati mukufunadi kudziwa ngati mawaya anasunthidwa, funsani ngati batire inachotsedwapo posachedwa, mwina kukagwiritsa ntchito pa mwambo wina kapena kutchalitchi. Zimachitika kawirikawiri, ndipo mukazitchula nokha ngati chinthu chachizolowezi, munthu amavomera mosavuta.

Moni nayenso si wongokometsera. Kwathu kuno sulowa pakhomo pa munthu n'kuyamba ndi funso usanapereke moni, ndipo pafoni n'chimodzimodzi. "Mwadzuka bwanji bambo" ndi mawu atatu okha, satha bandulo. Kwa achikulire ndimapewanso manambala a 1, 2, 3 kutsogolo kwa mafunso, chifukwa amaoneka ngati fomu ya ku ofesi. Mzere uliwonse funso lake, basi. Kwa mnyamata wa pasukulu kapena wogwira ntchito mu ofesi manambala amathandiza, poti amayankha motsatira.

Zikapanda kuyenda

Akayankha funso limodzi mwa atatu, musabwereze onse, ndipo musalembe kuti "simunayankhe enawo". Thokozani pa lomwe layankhidwa, kenako sankhani limodzi lofunika kwambiri mwa otsalawo. Nthawi zambiri yankho loyambalo limakhala litachotsa kale kufunika kwa lina.

Akayankha "eya" pa funso losankha, ndiye kuti funsolo linatalika kapena analiwerenga mothamanga. Libwezeni ngati chiganizo choti angovomera kapena kukana: "Ndiye kuti masana zikuyaka, eti?"

Akawerenga n'kukhala chete tsiku lathunthu, musaonjezere funso lina pamwamba. Mwina foni yazima, mwina funso lamukanika. Imbani, kapena tumizani uthenga wa mawu waufupi. Anthu ambiri omwe kulemba kumawavuta amafotokoza bwino kwambiri pakamwa, ndipo mu uthenga umodzi wa mawu amayankha ngakhale zomwe simunafunse. Ngati uthenga wake woyamba unali wa mawu, inunso yankhani ndi mawu. Kwa amene ali ndi foni ya mabatani, yemwe uthenga uliwonse ukumudyera mayunitsi, musamulembetse n'komwe. Muimbireni ndinu, mphindi ziwiri zimakwana.

Akabweza mokwiya kuti, "Mafunso achuluka, mungobwera," musatsutsane naye. Muuzeni tsiku lomwe mungabwere ndi mtengo wa ulendo, kenako onjezani kuti chithunzi chimodzi chingathe kumupulumutsira ndalama imeneyo. Ambiri amajambula.

Pali nthawi imodzi yomwe sindifunsa funso ngakhale limodzi. Uthenga ukangotchula fungo la kupsa, utsi, batire yotupa kapena yotentha, kapena fungo ngati la mazira owola, ndimaimba pompopompo ndipo ndimayamba ndi malangizo. Zimitsani inveta ndi zonse zolumikizidwa, tsegulani mazenera ndi chitseko, ana atuluke, musayandikire batire ndi kandulo, koloboyi kapena machesi chifukwa mpweya wotuluka m'batire umayaka. Za kuti zinayamba liti ndi zomwe zinalumikizidwa timakambirana ndikafika, titakhala pakhonde.